Sivi ya mphwanga wophika ku Mfuwe: atumiza kochuluka koma sayankhidwa

Kanjala77
Moni nonse apagulu. Ndabwera ndi nkhani ya mphwanga. Amaphika pakampu ina ya alendo ku Mfuwe kuyambira 2019, ndipo ali ndi setifiketi ya zophikaphika ya TEVETA. Akufuna ntchito m'sitima zapamadzi zonyamula alendo kapena m'mahotela a ku Dubai ndi Doha. Sivi watumiza malo oposa 20 koma palibe ndi mmodzi yemwe amene wamuyankha. Ndaiwerenga dzulo. Ili ndi masamba anayi. Tsamba loyamba ndi chikuto chokhala ndi dzina lake basi. Lachiwiri lili ndi nambala ya NRC, mtundu, mpingo, zoti ndi wokwatira, ndi sukulu zonse kuyambira kupulayimale. Za ntchito zili patsamba lachitatu, ndipo analemba chonchi:

```
Head Chef, 2019 - 2024
Duties: cooking, baking, cleaning the kitchen, supervising
```

Udindo umene akupempha ndi wa Sous Chef. Inu odziwa za ntchitoyi, cholakwika chili pati?

Mphika_wa_Katete
Achimwene, tisanapite patali, tiuzeni zinthu zitatu. Kampuyo imagoneka alendo angati? M'khitchini ali anthu angati? Imatsegula chaka chonse?

Kanjala77
Alendo 12 ikadzaza. Ophika ndi atatu, iye ndiye wamkulu. Imatsegula Meyi, kutseka Novembala mvula ikayamba. Mu 2020 sinatsegule chifukwa cha mliri uja.

Mphika_wa_Katete
Ndiye zaoneka. Vuto lalikulu si masamba anayiwo ayi, ndi mizere iwiri imene mwatikoperayo.

Munthu amene amasankha ophika a m'sitima akamawerenga sivi amafuna kudziwa zinthu zochepa: wophikayu waima mbali iti ya khitchini, amadyetsa anthu angati pa tsiku, ndipo wagwira miyezi ingati yeniyeni. Mizere ya mphwanuyo siikuyankha ngakhale chimodzi. Mawu oti kuphika ndi kutsuka khitchini angalembe wina aliyense, ngakhale wokazinga tchipisi pa Kapata.

Tiyambe ndi zaka. Kulemba 2019 mpaka 2024 kukusonyeza ngati zaka zisanu ndi chimodzi zosadukiza. Koma tiwerengetse. Meyi mpaka Novembala ndi miyezi 7. Wagwira 2019, kenako 2021, 2022, 2023 ndi 2024, nyengo zisanu. Yonse pamodzi ndi miyezi 35, kuperewera mwezi umodzi kuti zikwane zaka zitatu. Olemba ntchito akafunsa kukampu n'kumva kuti imatseka nthawi ya dzinja, amangoganiza kuti munthuyo anafuna kuwanamiza, ngakhale iye analibe maganizo amenewo. Alembe mwezi woyamba ndi wotsiriza, anenenso kuti ndi ntchito ya nyengo ndiponso kuti ankaitanidwanso chaka ndi chaka. Kuitanidwanso kanayi pamalo amodzi ndi umboni wabwino kuposa kudzitcha wakhama.

Kenako udindo. Wamkulu wa ophika atatu odyetsa alendo 12 sangayambire pa Sous Chef m'sitima. Sitima zikuluzikulu zimanyamula alendo masauzande, khitchini zake ndi zingapo, ndipo Sous Chef amayang'anira gulu lalikulu la ophika ogawidwa m'mbali zosiyanasiyana, ena a nyama ndi nsomba, ena a zozizira, ena a buledi ndi makeke. Makwerero ake amayambira pa Commis, kubwera Demi Chef de Partie, kenako Chef de Partie amene amapatsidwa mbali yakeyake, ndipo Sous Chef ali pamwamba pa onsewa. Mphwanuyo apemphe Commis, kapena Demi Chef de Partie ngati dzanja lake lili lamphamvu pambali imodzi. Sivi yopempha udindo wosayenera saibweza ndi uphungu, amangoisiya.

WakuLundazi
Ine apa sindikuvomereza. Munthu wakhala bwana wa khitchini zaka zonsezi, ndiye akadzitsitse yekha kukhala wosenda mbatata? Amene amadzichepetsa pa sivi amalipidwanso zochepa. Alembe Head Chef yomweyo, akakambirane nawo pa intavyu.

Mphika_wa_Katete
A WakuLundazi, intavyuyo ndiyo sakuitanidwako. Ndipo sindikuti abise udindo umene anali nawo. Ngati kalata ya kukampu ikuti Head Chef, alembe momwemo, chifukwa sivi ndi kalata ziyenera kugwirizana. Koma aikepo kukula kwa khitchiniyo kuti wowerenga adziyezere yekha. Udindo umene wagwira ndi umene akupempha ndi zinthu ziwiri. Ine ndikanalemba motere:

```
Head Chef (team of 3), 12-bed safari camp, South Luangwa, Zambia
May - Nov 2019 and 2021-2024 (seasonal, 35 months; closed 2020)
- Brunch, afternoon tea and 3-course dinner for 12 guests daily
- Baked all bread, cakes and desserts on site
- Vegan, gluten-free and nut-allergy meals from guest diet sheets
- Fridge and freezer temperature logs twice a day; weekly stock order
```

Dzina lenileni la kampu aliike pamenepo. Taonani mmene mzere wa buledi ukumugulitsira. Wophika wa kutchire alibe sitolo pafupi, ndiye buledi, mabanzi, makeke ndi zotsekemera zonse amapanga yekha, pomwe wa hotela ya m'tauni zambiri amalandira zopangidwa kale. Ngati mphwanuyo ali bwino pa ufa, apemphe mbali ya buledi kapena ya makeke mwachindunji. Chomwechonso za alendo amene thupi lawo limadana ndi mtedza kapena tirigu. Ku Mfuwe kumabwera alendo a ku Ulaya ndi ku America, ndipo amatumiziratu mndandanda wa zimene sadya. Wophika wozolowera kuwerenga mndandanda umenewo n'kupatula mpeni, thabwa ndi poto, ali ndi luso limene m'sitima amalisamala kwambiri. Koma alembe zokhazo zimene amachitadi. Ngati salemba kuzizira kwa filiji m'buku, mzere umenewo uchoke.

WakuLundazi
Kalembedweko ndakamva, n'kabwino. Koma za Commis ndikukanabe. Kumahotela a ku Gulf munthu wotere angathe kulowa ngati Demi. Asapemphe chotsikitsitsa paliponse.

Mayi_Msekera
Pa hotela mwina a WakuLundazi akulondola, makamaka hotela yokhala ndi malo odyera aang'ono a mbale zokonzedwa mmodzimmodzi. Chimene chimamutsitsa udindo m'sitima ndi kuchuluka kwa anthu. Kodi miyezi ya dzinja kampu ikatseka amachita chiyani? Ngati amaphika m'maukwati kapena m'misonkhano kuno ku Chipata, zimenezo zilowe. Ukwati wa anthu 300 ndi umboni woti munthu amadziwa kuphika chambiri n'kuchitulutsa chikadali chotentha. Ndi mmenenso mipata ya Disembala mpaka Epulo imatsekedwera.

Kanjala77
Amathandiza mayi wina wophikira maukwati, makamaka mu Disembala. Sanalembe chifukwa ankaona ngati ndi ganyu chabe.

Mayi_Msekera
Alembe. Miyezi yake, kuchuluka kwa anthu, ndi chimene iye ankagwira, kaya nyama, kaya mpunga ndi ndiwo zamasamba. Bola mayiyo avomere kuyankha foni akafunsidwa.

Za tsamba lachiwiri lija, lichoke pafupifupi lonse. Mtundu, mpingo, ukwati ndi chiwerengero cha ana sizikhudza wolemba ntchito wa kunja. Nambala ya NRC ndiye isaikidwe n'komwe, chifukwa kunja ilibe ntchito ndipo sivi imadutsa m'manja mwa anthu ambiri osadziwika. Sukulu ya pulayimale ichoke, itsale giredi 12 ndi setifiketi ya TEVETA, dzina lake lonse monga lalembedwera papepalapo, sukulu imene anaphunzira ndi chaka. Chikuto chichoke. Zonse zikwane patsamba limodzi, zikachuluka awiri.

Pamwamba penipeni pakhale dzina monga lilili mu pasipoti. Ambiri kuno ali ndi mayina atatu, ndipo setifiketi imanena awiri, pasipoti imanena ena awiri. Zimenezi zimachedwetsa munthu pa nthawi ya viza, ndiye azione lero. Pansi pa dzina aike udindo umene akupempha, dziko lake, ndi mwezi ndi chaka chimene pasipoti idzathe. Nambala ya pasipoti asaike, adzaipereka akamufunsa. Makontilakiti a m'sitima a ogwira m'khitchini ndi modyera amakhala a miyezi 6 mpaka 9, choncho pasipoti yotsala ndi chaka chimodzi chokha ndi yokayikitsa. Nambala ya foni iyambe ndi +260, ziro woyamba uja achotsedwe, ndipo ikhale yomwe ili pa WhatsApp. Imelo ikhale ya dzina lake, osati ya mlamu wake, ndipo aziitsegula tsiku lililonse, kuphatikizapo bokosi la Spam. Zimachitika kuti munthu anayankhidwa kalekale koma sanaone.

Chadiza_Mnyamata
Koma amadziwa kusambira? Ine ndinamva kuti amayamba akuponya m'madzi kaye. Ngati sadziwa asataye nthawi ndi sivi.

Nangula_Mwami
Sizili choncho kwenikweni, mphwanga. Chimene munamvacho ndi maphunziro a chitetezo otchedwa STCW, amene aliyense wogwira ntchito m'sitima amachita, kaya ndi wophika kaya ndi woyalula mabedi. Ali ndi mbali zinayi: kudzipulumutsa panyanja, kuzimitsa moto, chithandizo choyamba, ndi kudzisamala pamodzi ndi kukhala bwino ndi anzako m'sitima. Amatenga pafupifupi sabata imodzi. Pa kudzipulumutsa m'pamene umalumphira m'dziwe losambiramo utavala jekete yoyandamitsa, n'kukwera m'bwato lopopa. Woopa madzi amavutika ndithu, koma si mpikisano wosambira. Mbali ya moto ndi ya kudzipulumutsa zimabwerezedwa pakatha zaka zisanu.

Pa sivi, ngati alibe STCW, asalembe kuti ali nayo. Angathe kulemba mzere umodzi woti ndi wokonzeka kukachita akapatsidwa ntchito.

Petauke_Jombo
Ayi, apite akachite kaye ku Durban kapena ku Cape Town. Sivi yopanda STCW ndi buku la oyenda panyanja saiyang'ana n'komwe. Ejenti wina ku Lusaka anandiuza zimenezi maso ndi maso, ndipo akuti ndi K4,000 yolembetsera amakukonzera zonse mpaka kukuika pamndandanda.

Nangula_Mwami
A Jombo, pali ziwiri pamenepa ndipo tizisiyanitse. Zoti kukhala ndi STCW kumathandiza ndi zoona, makamaka kumabwato aang'ono a anthu olemera kumene amafuna munthu wokonzeka kale. Koma makampani akuluakulu amasiyana. Ena amakuphunzitsa okha, ena amakuuza sukulu imene amaivomereza ukapambana intavyu. Munthu wa ku Chipata akagulitsa ng'ombe n'kupita ku Durban asanalonjezedwe ntchito, zaka zisanu zija zimayamba kuwerengedwa iye ali pakhomo.

Za K4,000 ndiye musapereke. Pangano la mayiko la Maritime Labour Convention la 2006 limaletsa kulipiritsa munthu ndalama kuti amupezere ntchito ya m'sitima. Zimene angalipire yekha ndi pasipoti, buku la oyenda panyanja ndi setifiketi ya kuchipatala ya dziko lake. Ndalama ya viza ndi ya mwini sitima. Chimene chimachitika kawirikawiri ndi choti viza ya ku America ya ogwira m'sitima, C1/D, umalipira wekha ku ofesi ya kazembe, n'kusunga lisiti, kampani n'kudzakubwezera utakwera. Koma umafunsira vizayo uli ndi kalata ya ntchito m'manja, osati usanalembedwe. Ku United Arab Emirates nakonso lamulo la ntchito sililola kuti wolembedwa alipire ndalama zomulembera. Njira yoyesera ejenti ndi yapafupi: makampani akuluakulu a sitima amalemba mayina a maejenti awo ovomerezeka patsamba lawo la ntchito. Ngati dzina lake palibe, musamupatse ndalama kapena pasipoti.

Petauke_Jombo
Ndamva. Koma ndikudziwa anyamata amene anayamba ndi STCW ndipo anaitanidwa msanga. Pamenepo sindisintha.

Nangula_Mwami
Zimatheka. Kwa amene ali nayo ndalama yapadera sindingamuletse. Kwa wochita kukongola ndalamazo, ayi.

Thileyi_Kapata
Pepani kulowerera, inenso ndithandizeni. Ndine weyitala, zaka zitatu pahotela ina muno m'tauni. Ophika ali ndi buledi ndi makeke zolemba. Nanga ife onyamula mbale tilembe chiyani? Yanga imangoti kulandira alendo ndi kuperekera chakudya.

Mayi_Msekera
Achemwali, zanu ziliponso zambiri, kungoti mumaziona ngati wamba. Yambani ndi matebulo amene amakhala anu pa shifiti imodzi ndi anthu amene mumawatumikira malo akadzaza. Kenako mtundu wa kaperekedwe: kodi mlendo amasankha pa menyu inu n'kulemba, kapena amadzitengera yekha pa bufe, kapena ndi misonkhano ndi maphwando, kapena kupititsa chakudya kuchipinda? Chilichonse mwa izi ndi luso palokha. Ngati oda mumalowetsa m'makina, tchulani dzina la pulogalamuyo monga limaonekera pagalasi. Mahotela ambiri akunja amagwiritsa ntchito Micros kapena Simphony, ndiye amene anaigwirapo amaphunzitsika msanga. Ngati kwanu mumalemba pakabuku, musanamizire, nenani za kusunga bilu ndi kulandira ndalama ndi makhadi. Mwachitsanzo:

```
Waitress, 80-seat hotel restaurant, Chipata, Mar 2022 - present
- Own station of 6 tables, up to 40 covers per dinner shift
- A la carte, breakfast buffet and conference service (up to 150)
- Wine opening and service; cash and card billing
```

Manambalawo musinthe muike anu enieni. M'sitima mupemphe Assistant Waiter, chifukwa ndi pamene pafupifupi aliyense amayambira, ngakhale amene anali woyang'anira kwawo. Ntchito yake yaikulu ndi kunyamula thileyi yolemera kuchokera kukhitchini, kuthira madzi, kupereka buledi ndi kuchotsa mbale, masiku onse a sabata. Makampani ambiri amafunanso zaka 21 zakubadwa kwa ogwira modyera ndi m'bala.

Kwa inu Chingerezi ndicho chida, kuposa kwa wophika. Makampani ena amalembetsa mayeso a Chingerezi a Marlins pakompyuta. Pa zilankhulo lembani Chingerezi poyamba, ndipo ngati mumayankhula Chipwitikizi, monga ena a kumalire a Mozambique ku Chanida, chiikeni chifukwa pali sitima zonyamula alendo a ku Brazil. Koma chikhale choti mungatengere nacho oda, osati moni yekha.

Thileyi_Kapata
Vinyo ndimatsegula koma mitundu yake sindiidziwa bwino. Ndilembe?

Mayi_Msekera
Lembani za kutsegula ndi kuthira zokha. Mukalemba kuti mumadziwa vinyo adzakufunsani woyenera nsomba ndi woyenera nyama yofiira, ndi mayina a mphesa zake. Chilichonse cholembedwa pa sivi ndi funso limene mwadzikonzera nokha.

Mphika_wa_Katete
Zimenezo zikukhudzanso mphwawo wa a Kanjala. Ambiri amalemba HACCP, ndondomeko yosamalira chakudya kuti chisadwalitse anthu, chifukwa anaona pa sivi ya mnzawo. Akangolemba, adzafunsidwa manambala. Chozizira chisungidwe pa madigiri 5 kapena kutsikirapo. Nkhuku ipse mpaka pakati pafike 74. Chotentha chodikira alendo chisatsike pa 63.

Nangula_Mwami
63 ndi ya ku Britain, achimwene. Sitima zofika m'madoko a ku America zimatsatira malamulo a kumeneko, ndipo chotentha ndi 57, pa sikelo yawo ya Fahrenheit 135. Chozizira 41, nkhuku 165. Aphunzire masikelo onse awiri. Amakondanso kufunsa za kuziziritsa chophika: kuchoka pa 57 kufika pa 21 m'maola awiri, kenako kufika pa 5 m'maola ena anayi. Oyendera zaumoyo a ku America, amene ogwira m'sitima amangowatchula kuti USPH, amabwera mosalengeza, ndipo sitima imapambana ikapeza 86 pa 100 kapena kuposa. N'chifukwa chake mzere wa kulemba kuzizira kwa filiji uja uli wamtengo pa sivi.

Mphika_wa_Katete
Zoona, ndavomera. Onse awiri awadziwe, chifukwa sakudziwa amene adzamufunse.

Kanjala77
Zikomo kwambiri nonse. Nanga chithunzi? Pano anaika chimene anajambulitsa paukwati wa mlongo wathu, n'kudula ena m'mbali.

Mayi_Msekera
Chimenecho chichoke. Ku Gulf ndi kwa maejenti a sitima chithunzi chimafunika, ndipo ena kwa mawetala amapempha cha thupi lonse. Chikhale chatsopano, kumbuyo khoma loyera, wophika atavala jekete yake yoyera, weyitala malaya oyera, nkhope ikumwetulira pang'ono. Ku Britain ndi ku America sivi siikhala ndi chithunzi kapena tsiku lobadwa. Ndiye asunge mitundu iwiri.

Atumize ngati PDF yolembedwa pakompyuta, osati kujambula pepala ndi foni. Makampani akuluakulu amayamba aidutsitsa m'pulogalamu yowerenga mawu, ndipo chithunzi cha pepala kapena sivi yodzaza mabokosi ndi zokongoletsa siiwerengeka bwino. Dzina la fayilo likhale lomveka, monga `Dzina_Commis_CV.pdf`, osati `Document1.pdf`. Masetifiketi asawamatirire onse m'kati mwa sivi, awasunge padera atasikanidwa bwino kudikira kuti apemphedwe.

WakuLundazi
Zithunzi za mbale zimene waphika bwanji? Ine ndimati ziziikidwa patsamba lomaliza.

Mphika_wa_Katete
Osati m'sivi. Zikhale m'fayilo ina, zisanu kapena zisanu ndi chimodzi, zojambulidwa masana, mbale yopukutidwa m'mphepete. Kwa wa makeke ndi buledi zimathandiza. Koma zikhale zake, chifukwa adzamufunsa kuti keke iyi munali mazira angati ndipo uvuni unali pa madigiri angati.

Chimene chatsala ndi anthu ochitira umboni, ndipo kwa anthu a ku Mfuwe apa m'pamene zambiri zimafera. Amalemba nambala ya foni ya manijala wa kampu. Kampu ili kutchire kumene netiweki imavuta, ndipo ikatseka mu Novembala mamanijala ambiri amachoka, ena kupita kunja mpaka Epulo. Wofuna kutsimikiza amayesa kamodzi kapena kawiri, akalephera amatenga wotsatira. Choncho aike imelo ya kampani yokhala ndi dzina la kampuyo, ndi nambala ya ofesi imene imatsegula chaka chonse. Apemphenso kalata yolembedwa papepala la kampani, yosainidwa ndi kudindidwa, yotchula udindo ndi miyezi yomweyo imene ili pa sivi. Aipemphe nyengo isanathe, abwana akadalipo. Mboni ziwiri ndi zokwanira, manijala wa kampu ndi mayi wa maukwati uja. Abusa, amfumu kapena aphunzitsi a kusekondale ndi anthu olemekezeka, koma sanamuonepo ali pachitofu.

Kanjala77
Apa pali vuto pang'ono. Abwana ake sakudziwa kuti akufuna kuchoka, ndipo akuopa kuti akapempha kalata samuitananso mu Meyi.

Mayi_Msekera
Apemphe kalata yotsimikiza nthawi imene wagwira pakutha pa kontilakiti, monga amachitira aliyense wa ntchito ya nyengo. Imeneyo siifuna kufotokoza chifukwa. Pa sivi alembe kuti manijala asafunsidwe mpaka iye atavomereza, ndipo poyamba aike wina amene anamuyang'anirapo koma anachoka pakampupo.

Nangula_Mwami
Ine ndikanati angowauza abwanawo. Kuchokera pa intavyu kufika pokwera sitima pamatha miyezi ingapo, chifukwa pali kuchipatala, kalata ya kupolisi, viza, ndi kudikira kuti malo apezeke. Angathe kugwira nyengo yonse ikubwerayi asananyamuke. Bwana amene wauzidwiratu amalemba kalata yabwino kuposa amene wamva kwa mlendo pa imelo.

Mayi_Msekera
Zimatengera bwanayo, ndipo amene akumudziwa ndi mwini wakeyo. A Kanjala, akaikonza ibweretseni pano mutafufuta dzina, foni ndi dzina la kampu, tione ngati miyezi ikugwirizana ndi ya m'kalata.

Thileyi_Kapata
Inenso ndibweretsa yanga. Ndawerenga usiku uno, matebulo anga ndi 7, ndipo Lachisanu anthu amafika 45.